Munda umodzi, manambala atatu a pH: lipoti la kuyeza dothi la kalabu ina ya ku Bembeke

Kalabu ina ya alimi a nyemba ndi mbatatesi cha ku Bembeke, m'boma la Dedza, inali ndi manambala atatu a pH a munda umodzi womwewo, onse opezeka m'chaka chimodzi. pH ndi muyeso wa asidi wa m'dothi: nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Mu Febuluwale dothi linapita ku labotale ina ndipo pepala linabwera ndi 5.5. Mu Seputembala kampani imene inkafuna kuti kalabuyi iziichulukitsira mbewu ya nyemba inatenga dothi lake, n'kulitumiza ku labotale inanso, ndipo kunachokera 4.5 pamodzi ndi malangizo oti athire laimu wokwana matani 4 pa hekitala. Mu Okutobala wogulitsa zipangizo zaulimi anafika ndi kamita kozika pansi kaja, kokhala ndi timindodo tachitsulo ndi muvi, ndipo muviwo unaloza 6.8 anthu onse akuona.

Mamembala anagawikana. Ena ankati dothi lawonongeka m'miyezi yochepa chabe chifukwa cha feteleza. Ena ankati kampaniyo ikungofuna kuwagulitsa laimu. Apampando, bambo wachikulire amene walima malowa kuyambira ali mnyamata, anandifunsa mosapita m'mbali: "Alangizi, mwa atatuwa wabodza ndani? Ife ndalama ya matumba 80 tilibe, koma nyemba zikukanikanso."

Nyemba zinalidi zikukanika. Zimene anasunga zouma za nyengo yapitayo zinali ndi mizu yaifupi, yonenepa kumapeto ngati yodulidwa, yopanda timizu tating'ono tambiri, ndipo timaududu tija timene timagwira nayitirojeni tinali towerengeka. Mizu yotere kawirikawiri siipezeka m'dothi la pH 6.8. Choncho ndisanayeze chilichonse, nambala ya kamita ija inali kale yokayikitsa. Funso lenileni linatsala pa 5.5 ndi 4.5, chifukwa pa muyeso wa pH kusiyana kwa 1 kumatanthauza kuti asidi wachuluka kakhumi, ndipo dothi lakatondo silisintha chotero pakati pa Febuluwale ndi Seputembala.

Pepala la Febuluwale linalemba kuti pH inayezedwa m'madzi, gawo limodzi la dothi ku magawo 2.5 a madzi, monga amachitira malabotale ambiri kuno kwathu. Pepala la Seputembala linali ndi timalemba tating'ono pansi: CaCl2, kutanthauza kuti pH inayezedwa m'madzi a mchere wa kashiyamu kolorayidi. Palibe anatiwerenga, ngakhale amene analemba malangizo a matani 4 aja.

Mmene tinatengera dothi ndi kuliyeza

Kuti tiyerekeze njira osati malo, panafunika kuti dothi lomwelo liyezedwe m'njira zonse. Tinatenga masampulo kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe, m'malo atatu a kalabuyo. Malo oyamba ndi munda wakumtunda umene unabweretsa mkanganowu, wa dothi lofiira, umene walimidwa chimanga ndi nyemba zaka zambiri ndipo umalandira yuleya chaka chilichonse. Achiwiri ndi dimba la kabichi ndi tomato, lothiriridwa chilimwe chonse, lodya manyowa ndi feteleza wambiri. Achitatu ndi tsala limene lagona zaka zingapo osalimidwa.

Pa malo alionse tinayenda mokhotakhota n'kutapa dothi pa malo 15, kuzama masentimita 20, n'kusakaniza mu ndowa yapulasitiki. Tinapewa chulu, potenthera zinyalala ndi pansi pa mitengo. M'munda wa mizere tinatapa m'mbali mwa mzere, kutali ndi phando limene munalowa feteleza, chifukwa dothi la paphando penipeni limatha kukhala ndi asidi woposa la pakati pa mapando awiri. Dothilo tinaliumitsa pamthunzi, kuliphwanya ndi kulisefa pa sefa ya mamilimita 2. Mwamwayi, sampulo ya Febuluwale inali itatsalako m'thumba la pepala mu ofesi, youma bwino, ndipo nayo inalowa pamzere.

Ku labotale, sampulo iliyonse tinaigawa pawiri. Mbali imodzi: magalamu 10 a dothi ndi mamililita 25 a madzi otcheza opanda mchere. Mbali ina: magalamu 10 ndi mamililita 25 a madzi a kashiyamu kolorayidi a mphamvu ya 0.01 M. Popanga madzi amenewa muyenera kuyang'ana botolo. Ngati lalembedwa CaCl2·2H2O mumayeza magalamu 1.47 pa lita imodzi, koma ngati ndi CaCl2 wouma wopanda madzi mumayeza magalamu 1.11. Mchere umenewu umayamwa chinyezi msanga, moti botolo lokhalitsa lotsekula limakupatsani kulemera kwa madzi m'malo mwa mchere. Tinakhutchumula mphindi 30, n'kusiya kuti dothi likhazikike mphindi zina 30.

Mita ya mu labotale, ya mutu wagalasi, tinaiwongola ndi madzi a bafa, amene pH yake imadziwika kale, a pH 7.00 ndi 4.01, ndipo inaonetsa kuti ikumva bwino. Mutu wabwino umasintha pafupifupi mamilivoti 59 pa gawo limodzi la pH pa kutentha kwa madigiri 25, ndipo ukatsika kwambiri pansi pa 95 peresenti ya mulingo umenewu, ndiye kuti wakalamba kapena wauma. Tinayezanso kuchuluka kwa mchere m'madzi a sampulo iliyonse ndi mita ya EC, chifukwa nambala imeneyo ndiyo imamasulira zambiri za kusiyana kumene kukubwera.

| Malo | pH m'madzi | pH mu CaCl2 | Kusiyana | EC, dS/m |
|---|---|---|---|---|
| Munda, Febuluwale | 5.5 | 4.6 | 0.9 | 0.04 |
| Munda, Okutobala | 5.2 | 4.5 | 0.7 | 0.09 |
| Dimba | 6.0 | 5.7 | 0.3 | 0.45 |
| Tsala | 5.9 | 5.0 | 0.9 | 0.03 |

Chifukwa chake madzi ndi kashiyamu kolorayidi zimasiyana

Mizere iwiri yoyamba ikuyankha funso la apampando. Malabotale onse awiri ananena zoona. Dothi la Febuluwale, limene linapereka 5.5 m'madzi, linapereka 4.6 mu kashiyamu kolorayidi, pafupi kwambiri ndi 4.5 wa kampani uja. Mundawo sunasinthe. Chinasintha ndi madzi amene anathira pa dothilo mu kapu.

Chimachitika n'chotere. Tizidutswa ta dongo ndi ta manyowa owola timagwira hayidilojeni ndi aluminiyamu pakhungu pake. Mukathira madzi opanda mchere, zambiri mwa izi zimakhalabe zomata pamenepo, ndipo mita imangowerenga asidi wochepa amene walowa m'madzimo. Mukathira kashiyamu kolorayidi, kashiyamu amakakankha zina mwa izo n'kulowa m'malo mwake. Hayidilojeni amatuluka, aluminiyamu nayenso amatuluka, ndipo akakumana ndi madzi amatulutsa hayidilojeni wina. Mita imapeza asidi wambiri, nambala n'kutsika. Pa dothi lambiri lolimidwa kutsikako kumakhala pakati pa 0.5 ndi 0.9.

Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi akatswiri a dothi Schofield ndi Taylor mu 1955, ndipo cholinga chawo sichinali kupeza nambala yotsika. Iwo ankafuna nambala yosayendayenda. Dothi lililonse lili ndi mchere wake wosungunuka, ndipo mcherewo umachita ntchito yomwe ija ya kukankha hayidilojeni, kungoti kuchuluka kwake kumasintha ndi nyengo. Mu Febuluwale mvula imakhala itatsuka nayitireti ndi michere ina, mbewu zadyanso yambiri, choncho pH ya m'madzi imakwera. Pofika Okutobala michere yaunjikananso pamwamba ndipo pH ya m'madzi imatsika. N'chifukwa chake munda womwewo unachoka pa 5.5 kufika pa 5.2 m'madzi, pamene mu kashiyamu kolorayidi unangosuntha ndi 0.1, kusuntha kumene mita iliyonse imachita ngakhale mutayeza kapu imodzi kawiri. Mchere wa 0.01 M umaphimba mchere wochepa wa m'dothimo, ndiye sampulo zonse zimayezedwa pa mulingo umodzi.

Pali phindu linanso limene amalidziwa ndi okhawo amene amaima pa mita tsiku lonse. M'madzi opanda mchere, makamaka pa dothi ngati la tsala lija, nambala imayenda pang'onopang'ono osafuna kuima, ndipo mukatsitsa mutu wa mita kulowa m'matope a pansi imatsika, mukaukweza kufika m'madzi oyera a pamwamba imakwera. Anthu awiri angathe kusiyana ndi 0.2 kapena 0.3 pa kapu imodzi chifukwa cha mmene agwirira mutuwo. Mu kashiyamu kolorayidi dongo limakhazikika msanga, madzi a pamwamba amayera, ndipo nambala imaima pasanathe mphindi. Kuchuluka kwa madzi nakonso kumasintha pH ya m'madzi: dothi lomwelo limapereka nambala yokwererapo pa 1:5 kusiyana ndi pa 1:1. Mu kashiyamu kolorayidi kusintha kumeneku kumachepa kwambiri.

Mzere wa dimba ndi umene ndikufuna anzanga a ntchitoyi auyang'ane kawiri. Ambiri tili ndi chizolowezi chongowonjezera 0.7 kapena 0.8 pa nambala ya CaCl2 kuti tipeze ya m'madzi. Pa munda wakumtunda zimenezi zikanagwira. Pa dimba zikanatipatsa 6.4 kapena 6.5 pamene nambala yeniyeni ndi 6.0, chifukwa dothi la m'dimbamo lili kale ndi mchere wambiri wa feteleza ndi manyowa, ndipo kashiyamu kolorayidi sanapeze zambiri zoti akankhe. Onaninso kuti m'madzi dimba ndi tsala zikuoneka ngati zofanana, 6.0 ndi 5.9, koma mu kashiyamu kolorayidi zatalikirana, 5.7 ndi 5.0. Tsala lija lili ndi asidi woposa mmene nambala ya m'madzi ikuonetsera, ndipo likadzangolimidwa n'kulandira feteleza, pH yake ya m'madzi idzatsika m'nyengo yoyamba yomwe. Mlimi adzati feteleza wawononga dothi, pamene wangoulula asidi amene analimo kale.

Kamita kozika pansi

Wogulitsa uja anavomera kubweranso ndi kamita kake, ndipo tinakayesa limodzi pamaso pa mamembala. M'munda wakumtunda, dothi lili gwa, muvi unaloza pakati pa 6.8 ndi 7.0 paliponse pamene tinazika. Tinathira ndowa ya madzi pamalo amodzi, kudikira kuti alowe, n'kuzikanso: 5.8. M'dimba, mmene dothi linali lonyowa ndi madzi a m'mawa, muvi unagwa mpaka 5.0. Ndiye kuti kamitako kanati dimba ndilo lili ndi asidi wambiri ndipo munda ulibe vuto, zomwe ndi zotembenuza zimene labotale inapeza m'njira zonse ziwiri.

Kamita kotere kalibe batire ndipo kalibe galasi lomva hayidilojeni. Kumapeto kwa ndodo yake kuli zitsulo ziwiri zosiyana, ndipo zikakhudza dothi lonyowa zimapanga mphamvu yochepa ya magetsi imene imakankha muvi. Mphamvuyo imadalira asidi pang'ono, koma imadaliranso chinyezi, mchere, kuthina kwa dothi ndi dzimbiri la pa chitsulocho. Dothi likauma magetsi sayenda, ndipo muvi umakhala pamene umagona, pafupi ndi 7. Mmodzi wa amayi a m'kalabumo anatenga kamitako, n'kukapukuta ndi chitenje, n'kukaimika m'mwamba osakhudza chilichonse. Anati: "Taonani, bambo, ngakhale mphepo ili ndi 7." Wogulitsayo anaseka nawo. Iyenso anali atangogula kamitako ndipo ankakhulupirira kuti kamagwira ntchito.

Tinamaliza ndi muyeso umene aliyense angachite. Tinatenga mchenga wotsuka bwino m'makapu awiri, imodzi tinainyowetsa ndi bafa wa 4.01, inayo ndi bafa wa 7.00. Muvi unaloza pafupi ndi 5 m'makapu onse awiri. Chipangizo chimene sichisiyanitsa 4 ndi 7, ndipo chilibe poti muchiwongolere, sichingauze mlimi zogula laimu kapena kusagula.

Izi sizikutanthauza kuti mita iliyonse ya kumunda ndi yachabe. Ndinali ndi ina ya m'thumba, yooneka ngati cholembera chachikulu, ya batire ndi mutu wagalasi, imene imawongoledwa ndi bafa monga ya mu labotale. Sitinaizike pansi. Tinatenga dothi losakaniza lija, kuyeza ndi kachivindikiro gawo limodzi la dothi ndi magawo awiri ndi theka a madzi otcheza, kukhutchumula mu botolo, kudikira theka la ola, n'kuviika. Munda unapereka 5.3, dimba 6.1, tsala 6.0, zonse zosapitirira 0.1 kuchokera pa nambala ya m'madzi ya ku labotale. Mita yotere nambala yake iziwerengedwa ngati pH ya m'madzi, osati ya CaCl2.

Koma nayo ili ndi misampha yake. Titabwereza sampulo ya munda ndi madzi a pa mjigo wapafupi, nambala inakwera kufika 5.9. Madzi a pansi ambiri amakhala ndi laimu wosungunuka, ndipo amapha asidi wa mu kapu musanamuyeze. Kumene madzi otcheza a ku labotale sapezeka, madzi othira mu batire ya galimoto amene amagulitsidwa pa malo omwetsera mafuta amathandiza, bola muwerenge botolo bwino, chifukwa asidi wa batire amagulitsidwanso m'mabotolo ofanana. Mutu wagalasi usamasungidwe wouma kapena m'madzi otcheza. Umafuna madontho a mchere wa potaziyamu kolorayidi, KCl, m'kachivindikiro kake, ndipo ukauma umayamba kuchedwa n'kumapereka manambala okokera ku 7. Bafa naye akakhala nthawi yaitali m'galimoto yotentha kapena mukamabwezera wogwiritsa kale ntchito mu botolo, mita imawongoledwa molakwika ndipo palibe chimene chimakuchenjezani.

Za laimu

Malangizo a matani 4 anabwera chifukwa wina anatenga 4.5 wa CaCl2 n'kumuwerenga pa tebulo la pH ya m'madzi. M'madzi, 4.5 ndi dothi loipa kwambiri. Mu CaCl2, 4.5 ndi dothi lofunika laimu ndithu, koma osati wochuluka chotero. Malire amene timayang'ana ndi pamene aluminiyamu amayamba kusungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, ndipo amenewa ali cha pa 5.5 m'madzi kapena cha pa 4.8 mu CaCl2. Munda wa kalabuyi uli pansi pa malirewo, ndipo nambala ya Febuluwale ija ya 5.5 inaubisa pang'ono chifukwa inatengedwa mvula itatsuka mchere. Cholakwika chotembenuza chimachitikanso. Alimi a m'malire amene amalandira mapepala ochokera ku Zambia kapena ku Zimbabwe, kumene kuyeza mu CaCl2 kunazika mizu, akawerenga 5.5 wa m'madzi pa tebulo la kumeneko angaganize kuti dothi lili bwino kwambiri.

Ngakhale zili choncho, pH ya njira iliyonse siikuuzani matumba a laimu. Imangonena kuti asidi alipo ndi ukali wake, osati nkhokwe yake. Dothi lamchenga ndi lakatondo zingathe kukhala ndi pH yofanana koma lakatondo n'kufuna laimu wowirikiza. Choncho tinapempha kuti sampulo ya munda iyezedwe aluminiyamu wotuluka ndi KCl wa 1 M, ndipo anapezeka 0.8 cmol/kg. Lamulo la Kamprath la mu 1970 limati muchulukitse aluminiyamuyo ndi 1.5. Dothi la pa hekitala imodzi kuzama masentimita 15 limalemera pafupifupi matani 2,000, ndipo pa kulemera kumeneko 1 cmol/kg imafanana ndi tani imodzi ya laimu weniweni. Ndiye:

```
0.8 x 1.5 = 1.2 t/ha
```

Amenewa ndi matumba 24 a makilogalamu 50 pa hekitala, ngati laimuyo ndi wosalala komanso wamphamvu yonse. Laimu wa pamsika kawirikawiri samafika pamenepo, ndipo mizere yathu imasonkhanitsa dothi lozama kuposa masentimita 15, choncho tinakweza kufika matumba 30, kapena 12 pa ekala. Tinasankha wa dolomaiti chifukwa pepala la Seputembala lomwe lija linaonetsanso kuti maginiziyamu ndi wochepa. Laimuyo awazidwe pa munda wonse asanaunde mizere kuti asakanizike ndi dothi, pakuti wongowazidwa pamwamba satsika msanga kukafika ku mizu, ndipo asathiridwe pamodzi ndi yuleya.

Panali chifukwa chinanso chokanira matani 4. Kalabuyi imasinthanitsa nyemba ndi mbatatesi pa munda womwewo. Mbatatesi imapirira asidi kuposa nyemba, ndipo pH ikakwera kwambiri matenda a nkhanambo pa khungu lake amachuluka, mbatatesi n'kutsika mtengo pamsika wa m'mbali mwa msewu. Cholinga chathu n'kufikitsa mundawo cha pa 5.0 mu CaCl2, pongokwanira kugonetsa aluminiyamu, osati kuuthamangitsira ku 6.5 wa m'madzi.

M'dimba sitinalangize laimu. Vuto limene likubwera kumeneko ndi mchere, ndipo tinawauza kuti achepetse feteleza wobereketsa ndi kuthirira mokwanira nthawi zina kuti madzi atsitse mchere pansi pa mizu. Tsala lidzayezedwa aluminiyamu chaka chimene adzafune kulitsegula.

Munda wakumtunda udzayezedwanso mu Okutobala wa chaka chamawa ndi wa chaka chinacho, ku labotale imodzi, m'madzi ndi mu CaCl2 momwe, pa sampulo yotengedwa m'njira yomweyi. Ngati laimu wagwira, nambala ya CaCl2 iyenera kukwera ndi 0.3 mpaka 0.5, ndipo kusintha kochepera 0.2 sitidzakuwerengera. Kalabuyo yasiya mizere 10 kumapeto kwa munda yopanda laimu, kuti pozula nyemba adzayerekeze mizu ya mbali ziwirizi.